Khosi la mtsuko wanga likuwala ndikaunika ndi tochi ya yuvi, kodi unakonzedwapo?

Kamdothi
Abale, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi mtsuko wa poselini wa ku China, wa maluwa a buluu pamalo oyera, wotalika masentimita 32. Wondigulitsa anati ndi wa zaka za m'ma 1800 ndipo sunaswekepo. Masana ukuonekadi bwinobwino, wosalala, wopanda mng'alu. Usiku nditauunika ndi tochi ya yuvi, ija yotulutsa kuwala kumene maso saona kwenikweni, mimba yake inangooneka yakuda mopita ku pepo, koma khosi lonse, kuchokera kukamwa kutsika masentimita ngati 7, likuwala mbuu, moyera mosakanikirana ndi chikasu. Pamene kuwalako kukuthera palibe mzere, kukungozilala pang'onopang'ono. Kunsi kwa mtsuko kulinso timadontho ta buluu towala kwambiri. Kodi khosi lonseli ndi loikirira? Ndiubweze?

Kadziwotche
Bwezani mawa lomwe. Poselini weniweni sawala. Chilichonse chowala ndi guluu basi.

GogoWaGuluu
A Kadziwotche, mwafulumira. Malaya anu oyera nawo amawala ndi tochi imeneyi, kodi ndi omata ndi guluu?

A Kamdothi, tiyambe ndi timadontho ta kunsito, chifukwa ndi tosadetsa nkhawa. Buluu wowala kwambiri choncho kawirikawiri amakhala ulusi wa nsalu, fumbi la pepala, kapena sopo wochapira amene anatsalira. Mu sopo wa ufa amaikamo mankhwala oti zovala zizioneka zoyera kwambiri, ndipo ndi omwewo amene amayaka buluu. Pukutani ndi kathonje konyowa ndi madzi okha, muunikenso. Tikachoka, nkhani yake yathera pomwepo.

Khosilo ndi nkhani ina. Galasi la pamwamba pa poselini linawotchedwa pa moto wa madigiri pafupifupi 1,300, ndipo pa tochi ya mtundu umenewu silibweza kuwala kwenikweni, n'chifukwa chake mimba ya mtsuko ikuoneka yakuda. Zimene wokonza amapakapo sizipita pamoto wotero. Ndi penti ndi utomoni wouma pawokha, ndipo zinthu zimenezi zikamakalamba zimayamba kumeza kuwala kwa yuvi n'kubweza kuwala koyera kapena kwachikasu kumene maso athu amaona. Ndiye inde, pakhosipo papita dzanja la munthu.

Koma mawu anu amene ndagwira ndi akuti kuwalako kukuzilala pang'onopang'ono. Chidutswa choikirira chimakhala ndi malire. Chozilala chotero ndi penti wopopera. Wokonza akamata mng'alu n'kutseka pobenthuka, amapopera penti woyera ndi kachipangizo ka mpweya, ndipo kuti diso lisaone pamene wayambira, amapopera malo aakulu kuposa chilondacho, n'kumachepetsa akamapita kutali. Kenako amajambulanso maluwa a buluu pamwamba ndi kupoperanso vanishi. Choncho masentimita 7 amene mukuonawo ndi kukula kwa penti. Chilonda chenicheni chingakhale chaching'ono ngati chikhadabo, chingakhalenso khosi lonse lothyoka. Tochiyo singakuuzeni, imangoona pamwamba.

Kamdothi
Zikomo agogo. Timadontho tachokadi nditapukuta. Nanga ndingadziwe bwanji zimene zili pansi pa pentiyo?

GogoWaGuluu
Ikani pansi ya yuviyo, mutenge katochi wamba koyera kowala kwambiri. Muli mumdima momwemo, kalowetseni m'kamwa mwa mtsuko, kagunde khoma la khosi mkati, inu muziyang'ana kunja uku mukuzungulitsa mtsukowo. Poselini pamene pali popyapyala amadutsitsa kuwala. Zotsekera za wokonza sizidutsitsa mofanana, ndiye zimaoneka ngati chithunzithunzi chakuda, ndipo mng'alu womatidwa umaoneka ngati kamzere. Mukatero gunditsani mlomo wanu pamimba, kenako pakhosi. Galasi lenileni limazizira, penti amamveka wofundirako ndiponso wogwiragwira pang'ono.

Kadziwotche
Njira yachidule ndi singano. Mukakanda, pa galasi imaterera, pa penti imalowa.

GogoWaGuluu
Imalowadi, n'kusiya chipsera pa katundu amene mwina mukufuna kubweza. Wogulitsa adzati mwawononga ndinu. Singano ayi.

Mlendo_pano
Pepani kulowerera. Ine ndili ndi tochi yotere, koma ndikaunika mbale zanga zonse zimangokhala pepo, chipinda chonse pepo. Sindiona zoyera kapena zachikasu zimene mukunenazi. Ndiye kuti zanga zonse n'zabwino?

Nyenyeswa
Werengani pa thupi la tochiyo. Ndikukhulupirira palembedwa `395 nm`.

Mlendo_pano
Eya, palembedwa choncho.

Nyenyeswa
Vuto ndi limenelo. Nambalayo ndi muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala. Maso a munthu amayamba kuona kuwala chapafupi ndi 400, ndiye tochi ya 395 ili pamalire penipeni, ikutulutsa pepo wambiri wooneka. Pepoyo akagwera pa galasi losalala amabwerera m'maso mwanu n'kukwirira kuwala kofooka kumene guluu akutulutsa. Funani yolembedwa `365 nm`, ndipo ikhale ndi galasi lakuda bii kutsogolo, loti tochi ikazima simungaone kababu mkati. Galasi lakudalo limasefa kuwala kooneka, n'kudutsitsa kwa yuvi kokha. Nzeru yake ndi yakale, anayambitsa ndi Robert Wood wa ku Amereka mu 1903.

Chinanso, mdima ukhale weniweni, ndipo mudikire mphindi zisanu maso azolowere musanagamule. Tochi muigwire masentimita 20 kapena 30 kuchokera pa chinthucho, mopendeketsa, kuti isanyezimire molunjika kwa inu. Muvale magalasi otchinga yuvi. Poti kuwala kwa 365 sikuoneka kwenikweni, maso saphethira, ndipo mbale yosalala imakubwezerani kumaso.

Chitsotso
Ine yanga ya 365 ndinagulira zinkhanira. Zimawala chobiriwira mbee pakhoma usiku, simungaziphonye.

Kadziwotche
Ndiye zinkhanira nazo zinakonzedwapo eti, agogo?

GogoWaGuluu
Mwaona nokha tsopano kuti si zonse zowala zili guluu.

Chitsotso
Mano anga nawo akuwala, kupatula limodzi loikirira, ilo lili bii.

Kamdothi
Ndabwerako. Ndi katochi koyera mkati, khosi lonse likudutsitsa kuwala kupatula kachigawo ka kukamwa kooneka ngati mutu wa mkondo woloza pansi, mulifupi masentimita ngati 3. Kuchokera pansonga yake pali kamzere kakuda kotsika masentimita ena 4, n'kuthera pamenepo. Ndaonanso chinthu chachilendo: masamba a buluu a pakhosi akuoneka pawiri, ngati pali tsamba lina pansi pa limene ndimaliona masana.

GogoWaGuluu
Ndiye mwaupeza. Mtsukowo unagundidwa pakamwa, panachoka chidutswa cha masentimita 3, ndipo mng'alu unatsika pang'ono. Khosi ndi lake lenileni. Masamba a pawiriwo ndi oyambirira amene anakwiriridwa ndi penti woyera, ndi atsopano amene wokonza anajambula pamwamba osalondola ndendende. Mukayang'ana ndi kagalasi kokulitsa ka 10, muona kusiyana: buluu wa pamimba ali mkati, pansi pa galasi, m'mbali mwake mwasungunuka pang'ono, pomwe wa pakhosi wakhala pamwamba ndipo mphepete zake n'zakuthwa.

Poti pentiyo wayamba chikasu pa tochi, ndingaganize kuti ntchitoyi si ya dzulo. Koma chaka sindingatchule. Kukalamba kwa utomoni kumadalira dzuwa limene unaona.

Kadziwotche
Ndiye ndinanena zoona. Bwezani.

Nyenyeswa
Munanena kuti khosi ndi guluu. Kubenthuka pakamwa ndi khosi loikirira si chinthu chimodzi pa mtengo wa mtsuko. Ine ndikanapita kukakambirana mtengo. Mwinanso wogulitsayo sankadziwa, ambiri saunika.

Kamdothi
Nanga nditachotsa pentiyo ndekha? Ndamva kuti asetoni amasungunula.

GogoWaGuluu
Amasungunula penti ambiri otere, ndipo galasi la poselini samalikhudza. Koma musayambe musanamalize ndi wogulitsa. Mukamaliza, yesani ndi kathonje ka pakamtengo mkati mwa mlomo, pobisika. Dziwaninso kuti pentiyo akachoka mudzatsala ndi chotsekera choyera poyera ndi mng'alu wooneka. Ine ndimakonda choncho, chifukwa masamba enieni a khosi lonse amabwerera, koma ena sapirira kuona chilonda tsiku ndi tsiku.

NamaluwaM
Ndifunseko za yanga. Ndili ndi mbale ya ku China ya buluu, koma pamwamba pa buluuyo pali maluwa ofiira, obiriwira ndi golide, odzaza mpaka kukwirira zojambula zapansi. Mnzanga anati ofiirawo anawonjezera pambuyo. Ndaunika ndi 365, mumdima, zonse zili zii, palibe chowala. Ndiye mnzangayo walakwa?

GogoWaGuluu
Mwina sanalakwe. M'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, ku Holland ndi ku England kunali anthu amene ankatenga mbale za buluu zochokera ku China n'kuziwonjezera mitundu kuti zigulidwe msanga. Mitunduyo ankaiwotcha m'ng'anjo pa madigiri 700 kapena 800, ndiye inasanduka galasi nayonso. Tochi imasiyanitsa chowotcha ndi chosawotcha. Zowotcha ziwiri, chimodzi cha ku China china cha ku Ulaya patapita zaka 50, kwa iyo n'chimodzimodzi. Pamenepo gwiritsani maso. Onani ngati chojambula cha buluu n'chokwanira pachokha popanda zofiirazo, ndiponso ngati zofiira zikudutsa pamwamba pa mikwingwirima ya mipeni ndi masupuni imene inalipo kale.

Ndipo si zokhazo zimene tochi siiona. Mlomo wobenthuka umene anaupala n'kuusalaza suwala, chifukwa sanawonjezerepo kanthu, anachotsa. Okonza a masiku ano nawonso ali ndi zomatira monga Paraloid B-72 ndi maepokisi ena oyera amene akadali atsopano sawala kwenikweni. Mzere wa guluu wotere, popanda penti wopopera, mungaudutse katatu osauona. Guluu wakale ndiye saphonyeka: shelaki amayaka olenji, guluu wa zikopa amayera mbuu.

Chitsotso
Ndiye ikawala pali nkhani, ikapanda kuwala simunadziwebe kanthu.

GogoWaGuluu
Ikawala, yambani mwapukuta sopo.

Mbalame_yausiku
Poti akatswiri muli pano, ine changa ndi chithunzi cha penti wa mafuta pa chinsalu, nkhope ya bambo wina wa ndevu, chosiyidwa ndi malemu agogo. Ndaunika monga mwanenera. Chonse chikuwala chobiriwira ngati chakutidwa ndi nkhungu, ndiye kutengera zimene mwauza a Kamdothi, chithunzi chonsechi n'chopentanso? Pali timalo tochepa tokha takuda, patsaya, pachipumi ndi pakona ya kumwamba. Sayini ya wojambula nayo ndi yakuda bii.

Mpenti_wakale
Mayi kapena bambo, mwawerenga chozondoka, ndipo si inu nokha amene mumatero. Pa mbale, choyambirira ndi chakuda, chowonjezera ndi chowala. Pa chithunzi chakale zimatembenuka.

Nkhungu yobiriwirayo ndi vanishi wakale. Kale ankapaka vanishi wa utomoni wa mitengo, damala kapena masitiki, ndipo akamakalamba amawala chobiriwira chopita ku chikasu. Chimenecho ndi chizindikiro chabwino, chikusonyeza kuti vanishiyo wakhalitsa. Timalo takudato ndi pamene wina anapaka penti watsopano pamwamba pa vanishi. Pentiyo akutchinga kuwala kwa vanishi wapansi, iye mwini sanakalambe mokwanira kuti aziwala, ndiye akuoneka ngati banga.

Yang'anani maonekedwe a mabangawo. Timizere topyapyala ngati tsitsi, totsata ming'alu, ndi ntchito ya wokonza wosamala amene anangotseka potayika penti, ndipo chithunzi cha zaka 100 chopanda zimenezo n'chosowa. Banga lalikulu lozungulira, looneka kuti burashi inayenda momasuka, ndiye loti mulifufuze. Tembenuzani chithunzicho, muone kumbuyo kwa chinsalu pamalo omwewo ngati pali chigamba. Ndipo banga la pakona ya kumwamba silipweteka mtengo ngati la patsaya. Ogula amayamba kufunsa za nkhope.

Mbalame_yausiku
Ndine mayi. Kumbuyo kwa pakona kulidi chigamba cha nsalu chomatidwa, chachikulu ngati bokosi la machesi. Kumbuyo kwa tsaya kulibe kanthu.

Mpenti_wakale
Pepani mayi. Ndiye pakona panang'ambika, anamata n'kupenta. Patsaya mwina penti anasupuka, kapena wina potsuka anapala kwambiri n'kubwezeretsa. Unikani ndi tochi wamba kuchokera cham'mbali, moti kuwala kuzikwawa pa chithunzicho. Ngati panatsekedwa, muona kachitunda kapena kadzenje.

Kadziwotche
Nanga sayini yakudayo mwailambalala bwanji? Ili pamwamba pa vanishi, ndiye ndi yabodza. Wojambula amasayina kenako n'kupaka vanishi.

Mpenti_wakale
Sindinailambalale, ndimabwera. Mwalasa theka. Sayini yoyandama pamwamba pa vanishi wakale ndi yokayikitsa ndithu, ndipo ambiri achinyengo agwidwa choncho. Koma penti wakuda kapena wofiirira, umene ambiri amasayinira, amameza yuvi mwachibadwa, moti ngakhale ali pansi pa vanishi wopyapyala amaonekabe wodera. Funso ndi lakuti, kodi nkhungu yobiriwira ija ikudutsa pamwamba pa zilembo ngati mmene ikudutsira pa malaya akuda a bamboyo? Yerekezani ndi malo ena akuda a m'chithunzi momwemo. Ngati malaya akuoneka otuwa chobiriwira koma sayini ili bii ngati inki ya dzulo, pali nkhani.

Ngakhale zitatero, zotheka zilipo zingapo. Wojambula mwini akhoza kusayina patapita zaka, pogulitsa. Wokonza akhoza kudutsitsa burashi pa sayini yeniyeni imene inafufutika. Kapena wina anangolemba dzina. Chothandiza kwambiri ndi kagalasi kokulitsa. Penti wa mafuta amang'aluka pakapita zaka zambiri. Ngati sayini ndi ya msinkhu umodzi ndi chithunzi, ming'alu imadula zilembo, m'mbali mwake muli mwaukhondo. Ngati inabwera pambuyo, penti wake amalumpha mng'alu kapena amatsikira mkati mwake.

Nyenyeswa
Ndionjezereko chimodzi. Otsuka zithunzi ambiri amaopa kufika pa sayini, ndiye amasiya vanishi wakale mozungulira pamenepo. Mukaunika mumapeza chithunzi chonse chili chodera, koma pa sayini pali kachilumba kobiriwira. Anthu amadzidzimuka, pomwe chimenecho kawirikawiri n'chizindikiro cha kusamala.

Mbalame_yausiku
Ndayang'ana. Zilembo zitatu zoyamba zadulidwa ndi ming'alu bwinobwino. Ziwiri zomaliza penti wake walowa m'ming'alu, ndipo pa yuvi ndi zakuda kuposa zinzake.

Mpenti_wakale
Ndiye ine ndingati sayini inalipo, kumapeto inafufutika, wina n'kuidzutsa.

Kadziwotche
Kapena panali dzina la munthu wina wosatchuka, n'kusintha zilembo ziwiri kuti likhale la wotchuka.

Mpenti_wakale
Apa ndiye sindikutsutsani, zimachitika. Tochi ya m'manja singalekanitse ziwirizi. Pafunika kuona zimene zili pansi pa zilembo ziwirizo, ndipo imeneyo ndi ntchito ya kamera ya infuraredi kapena ekiselo kwa okonza zithunzi.

Mlendo_pano
Ine ndinamva kuti tochi ikhoza kunena chaka cha chithunzi poona penti woyera. N'zoona?

Mpenti_wakale
Chaka ayi, koma imakupatsani poyambira. Woyera wa mtovu, umene unalipo kuyambira kalekale, amaoneka woyererako. Woyera wa zinki, umene unafala mu penti wa mafuta chapakati pa zaka za m'ma 1800, amawala chikasu chopita ku chobiriwira. Woyera wa titaniyamu anayamba kugulitsidwa cha m'ma 1920, ndipo iye amameza yuvi, amaoneka wakuda mopita ku pepo. Ndiye kolala yoyera ya pachithunzi chimene akuti n'cha 1850 ikada bii, dzifunseni. Koma fufuzani kaye ngati yada ndi kolala yonse kapena kachigamba chabe ka wokonza, chifukwa okonza amagwiritsa ntchito titaniyamu kwambiri. Komanso vanishi wokhuthala amasokoneza mitundu yonseyi, mumaona vanishiyo osati penti.

GogoWaGuluu
Auzeninso za vanishi wobisa, achimwene, poti ku mbale kwathu kulinso zofanana nazo.

Mpenti_wakale
Eya. Tochi imeneyi ogulitsa anaidziwa kalekale. James Rorimer wa ku Metropolitan Museum ku New York analemba buku la kuunika zaluso ndi yuvi mu 1931, ndiye achinyengo akhala ndi nthawi yokwanira yophunzira. Ena akamaliza kupentanso amakuta chithunzi chonse ndi vanishi wowala kwambiri, woti mabanga onse abisike pansi pake. Mumamudziwa ndi kusalala kwake. Vanishi wokalambadi sakhala wofanana ponse: mumaona mizere ya burashi, pokhuthala ndi popyapyala, m'mphepete mmene munabisika ndi felemu muli mosiyana, ndipo nkhope imaonekabe pansi pake. Wobisayo amakhala bwata limodzi kuchokera kona mpaka kona, osaona kanthu pansi.

Ndipo popanda chinyengo chilichonse, zokonza zakale zimabisala zokha. Penti amene anawonjezera zaka 80 kapena 100 zapitazo wakalamba nayenso, mwinanso wapakidwa vanishi kawiri pamwamba, ndiye sada ayi. Kawirikawiri amaoneka bwino masana kuposa pa tochi, chifukwa mtundu wake unasintha n'kusiyana ndi wapafupi.

Mbalame_yausiku
Changa mizere ya burashi ikuoneka mu nkhunguyo, ndipo m'mphepete muli moderako. Bola pamenepo. Za zilembo ziwirizo ndikafunsa okonza.

Kamdothi
Ine ndalankhula ndi wondigulitsa, ndamutumizira zithunzi za khosi pa yuvi ndi za katochi koyera. Akuti sankadziwa, ndipo wavomera kundibwezera gawo la ndalama kapena kutenga mtsuko wake. Sindinasankhebe. Agogo, nditausunga n'kuchotsa pentiyo, chotsekera cha pakamwacho chingagwe?

GogoWaGuluu
Zidalira chimene anatsekera. Ngati ndi epokisi, asetoni wa pakathonje samugwetsa. Ngati ndi pulasitala womatidwa ndi guluu wosungunuka, chikhoza kugwedera, makamaka mukanyowetsa kwambiri. Yambirani kunsi kumene penti akuzilala, muzikwera pang'onopang'ono, zenera lili lotsegula, ndipo muime pakatsala sentimita imodzi kuti mufike pa mng'alu. Mukafika pamenepo jambulani mutisonyeze tione mtundu wake.